Tsiku limene dziko linagundidwa n'kupeza mwezi

Pa ngozi zonse zimene dziko lathu laonapo, palibe imene inatipindulira ngati yoyambirira ija. Zaka pafupifupi mabiliyoni 4.5 zapitazo, pulaneti ina yaikulu ngati Mars inabwera mwaliwiro n'kuliwomba dzikoli cham'mbali, phu! Miyala inasungunuka, ina inasanduka nthunzi, ndipo pulaneti yogundayo sinaonekenso. Fumbi litatsika, kumwamba kunali mwezi. Limeneli ndi ganizo limene asayansi ambiri lero amaligwiritsa pofotokoza kubadwa kwa mwezi, ndipo kukoma kwake n'kwakuti ngoziyo inasiya zizindikiro zimene munthu angathe kuziyeza pa sikelo.

Dziko lisanagundidwe

Tiyambe ndi dziko lakale lija. Mukanaliona simukanalizindikira. Linali lisanathe kukula. Kulemera kwake kunali mwina magawo 9 mwa magawo 10 a kulemera kwa lero. Linalibe nyanja za madzi ngati izi, linalibe mpweya woti munthu n'kupuma, ndipo usiku wake unali wa mdima wa ndiweyani, poti kunalibe chowalitsa kupatula nyenyezi ndi moto wa miyala yogwa kuchokera kumwamba. Nthawi imeneyo dzuwa linkazunguliridwa ndi timapulaneti tambirimbiri, tina tating'ono, tina tokulirapo, ndipo njira zake zinkapingasana. Kugundana kunali chizolowezi. Pulaneti inkakula pomeza anzake.

Koma chinthu chimodzi chinali chitachitika kale m'mimba mwa dzikoli, ndipo nkhani yonseyi yatsamira pamenepo. Chifukwa cha kutentha, dziko linali lofewa moti zolemera zinkamira, zopepuka n'kumayandama. Chitsulo, pokhala cholemera kuposa mwala, chinatsika n'kukaunjikana pakatikati, miyala n'kutsala kunja itakuta chitsulocho. Pulaneti inayo, imene wasayansi wa ku Britain Alex Halliday anaitcha Theia m'chaka cha 2000, potengera dzina la mayi wake wa mulungu wamkazi wa mwezi m'nthano za Agiriki, nayonso inali itadzikonza chimodzimodzi: chitsulo mkati, miyala kunja. Tinene kuti anali mango awiri, lililonse lili ndi njere yolimba pakati ndi mnofu kunja kwake. Mukawombanitsa mango awiri akupsa, chimene chimathovokera kutali ndi mnofu; njere siziuluka.

Tsiku lenilenilo

Tsoka silinunkha. Theia inafika pa liwiro la makilomita pafupifupi 10 pa sekondi imodzi, kutanthauza makilomita 36,000 pa ola. Ndipo sinagunde pamphumi. M'chaka cha 2001, Robin Canup ndi Erik Asphaug anayerekeza ngoziyi pa kompyuta mobwerezabwereza, uku akusintha kukula kwa Theia, liwiro lake ndi mbali yogundira, ndipo anapeza kuti mwezi wonga wathuwu umatuluka bwino pulanetiyo ikakhala yaikulu ngati Mars n'kugunda mopendekeka, pa madigiri pafupifupi 45.

Kupendekekako n'kofunika zedi. Theia ikanagunda pakati penipeni, zambiri zothovoka zikanakwera n'kugweranso pansi, dziko n'kungonenepa basi, mwezi osaoneka. Ikanangokhudza m'mphepete, ikanapalasa khungu n'kupitirira ulendo wake. Koma pogunda cham'mbali inachita zinthu ziwiri nthawi imodzi: inaponyera miyala kutali ili ndi liwiro lopita cham'mbali, lokwanira kuti izizungulira dziko m'malo mogwa, komanso inalikankha dzikolo kuti lizizungulira ngati lapenga.

Zimene makompyuta amaonetsa m'maola otsatirawo n'zochititsa kaso. Theia inaphwanyika n'kutambasuka kukhala mzere wautali wa miyala yosungunuka wotalikira kunja kwa dziko. Chitsulo chake, chimene chinali chakufupi ndi dziko mumzerewo, chinagwa, chinaboola miyala ya dziko n'kutsika mpaka kukasakanikirana ndi chitsulo cha pakatikati. Miyala ya kunsonga ya mzerewo ndi imene inatsala m'mwamba. Zonsezi zinatha pa nthawi yongofanana ndi tsiku limodzi la masiku athu ano. Pofika mawa lake, dziko lonse linali nyanja ya chiphalaphala, psuu, yotentha madigiri masauzande angapo, ndipo linali litavala mkombero wa miyala yamadzimadzi ndi nthunzi ya miyala.

Mkomberowo sunasanduke mwezi paliponse ayi. Pafupi kwambiri ndi dziko, mphamvu yake yokoka imakoka mbali yoyandikira ya chinthu kwambiri kuposa mbali yakutali, moti chilichonse chachikulu chofuna kuumbika chimang'ambika. Malire ake ali pa makilomita pafupifupi 18,000 kuchokera pakatikati pa dziko, ndipo amatchedwa ndi dzina la Édouard Roche, katswiri wa ku France amene anawawerengera m'zaka za m'ma 1800. Mwa zimene zinali mkati mwa malirewa, zambiri zinagweranso padziko. Zimene zinali kunja kwake zinayamba kumatana, kachidutswa pa kachidutswa, mpaka kukhala chimpira. Ena amawerengera kuti kuumbikaku kunatha m'chaka chimodzi, ena m'zaka mazana angapo. Pa msinkhu wa dziko, zonsezi n'kuphethira kwa diso.

Dziko litagundidwa

Tsopano taonani dziko latsopanolo! Mwezi wakhandawo unali pa mtunda wa makilomita mwina 25,000, pamene lero uli pa makilomita 384,400. Gawani manambala awiriwa mupeza pafupifupi 15. Ndiye kuti kumwamba unkaoneka waukulu kuwirikiza ka 15 kuposa mmene timauonera, ndipo sunali woyera mbee ngati uwu, unali wofiira, ukunyeka wokha chifukwa nawonso unali wosungunuka.

Tsiku linali la maola pafupifupi 5. Dzuwa likatuluka, pakangotha maola awiri ndi theka lalowa. M'chaka chimodzi mukanawerenga kutuluka kwa dzuwa koposa ka 1,700. Mphamvu ya mwezi yokweza ndi kutsitsa nyanja ndiye inali yoopsa, chifukwa imakula mofulumira mtunda ukamachepa: mwezi ukayandikira ka 15, mphamvuyo imachuluka 15 kuchulukitsa ndi 15 kuchulukitsanso ndi 15, komwe ndi kuposa ka 3,000. Ndipo nyanja imene inkakwera n'kutsikayo sinali ya madzi, inali ya mwala wosungunuka.

Kuchokera pamenepo, awiriwa akhala akukokana mpaka lero. Mwezi umatukumula nyanja za dziko, koma popeza dziko limazungulira mofulumira kuposa mmene mwezi umayendera, chotukumukacho chimatengedwa n'kukhala patsogolo pa mwezi pang'ono. Chili patsogolopo chimakokera mwezi kutsogolo, mwezi n'kumakwera m'njira yotalikirapo. Mweziwo nawo umachikokera m'mbuyo, dziko n'kumachepetsa liwiro. Zimene dziko likutaya, mwezi ukutola. Umu ndi mmene tsiku la maola 5 linasandukira la maola 24.

Izi si zongoganiza. Anthu a Apollo 11, 14 ndi 15 anasiya pamwezi magalasi obweza kuwala, ndipo asayansi amawaunikira ndi kuwala kwa leza n'kuwerenga nthawi imene kuwalako kumatenga kupita ndi kubwerera. Mwezi ukutalikira masentimita 3.8 chaka chilichonse. Padziko pompano palinso mboni. M'chaka cha 1963, John Wells anawerenga timizere ta kakulidwe ka tsiku ndi tsiku pa makorali akalekale amene anasanduka miyala, a zaka pafupifupi mamiliyoni 380 zapitazo, n'kupeza masiku pafupifupi 400 m'chaka chimodzi. Chaka sichinali chachitali kuposa chathu. Masiku ndiwo anali aafupi, a maola ngati 22.

Pali phindu linanso. Dziko ndi lopendekeka madigiri 23.4, ndipo kupendekekaku n'kumene kumabweretsa dzinja ndi chilimwe. M'chaka cha 1993, Jacques Laskar ndi anzake ku France anawerengera kuti mwezi waukulu chonchi umathandiza kuti kupendekekako kusamasinthesinthe mwachisawawa, monga kumachitira kwa Mars, imene timiyezi take tiwiri n'tating'ono kwambiri. Dziko linalowa m'ngozi lili lokhalokha, linatulukamo lili ndi mnzake wolichirikiza.

Umboni uli pa sikelo

Mwina mukuti, kodi amene analipo ndani? Palibe. Koma mwezi weniweniwo ndi wopepuka modabwitsa, ndipo aliyense wodziwa kugawa angathe kuona. M'mimba mwake ndi makilomita 3,474, pamene dziko ndi makilomita 12,742. Potengera kukula, m'dziko mungalowe miyezi pafupifupi 49. Ndiye mwezi ukanapangidwa ndi zinthu zofanana ndendende ndi za dziko, mukanayembekezera kuti miyezi pafupifupi 49 ingalingane ndi dziko pa sikelo. Koma ayi, pamafunika miyezi 81. Kusiyanaku n'kwakukulu. Mbali ina yake ikuchokera pa kufinyika kwa miyala ya mkati mwa dziko chifukwa cha kulemera kwa zapamwamba, koma mbali inayo ndi chitsulo. Chitsulo cha pakatikati pa dziko ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake konse. Cha mwezi n'chochepa zedi, gawo limodzi kapena awiri mwa magawo 100.

Ganizo lililonse lofotokoza kubadwa kwa mwezi liyenera kuyankha funso ili: chitsulo chake chinapita kuti? Ganizo la ngozi limayankha mosavuta. Chinamira m'dziko tsiku lomwelo, ndipo tikuchiponda.

Umboni wachiwiri unabwera m'mabokosi. Kuyambira 1969 mpaka 1972, maulendo 6 a Apollo anabweretsa makilogalamu 382 a miyala ndi dothi la kumwezi. M'dothi la Apollo 11, John Wood anapeza timiyala toyera totchedwa anothosaiti, topangidwa ndi mtundu umodzi wa mwala wopepuka, ndipo mu 1970 ananena molimba mtima kuti mwezi unali utakutidwapo ndi nyanja ya chiphalaphala. Pamene nyanjayo inkazizira, miyala yolemera inamira, yopepuka yoyerayo n'kuyandama kupanga khungu. Mbali zowala zimene timaona pamwezi ndi khungu limenelo. Zakudazo ndi chiphalaphala chimene chinatuluka pambuyo pake. Mu 1971, David Scott ndi James Irwin a Apollo 15 anatola chibuluma cha anothosaiti chimene chinatchuka dziko lonse. Mwezi wosungunuka chotero sunaumbike pang'onopang'ono mozizira. Unabadwa msanga, ndiponso pamoto.

Miyala yomweyo inalinso youma gwa poyerekeza ndi ya padziko, ndipo inali ndi potaziyamu, sodiyamu ndi zinki wochepa. Zinthu zimenezi zimasanduka nthunzi msanga zikatenthedwa. Mwezi uli ngati chinthu chimene chinapsa kwambiri zouluka msanga n'kuthawa.

Ganizolo nalo linasandulika

Nkhani ya mmene ganizoli linakwerera pampando nayo ili ndi poyamba ndi pambuyo pake. Kwa zaka pafupifupi 100 panali magulu atatu. Loyamba linkatsatira George Darwin, mwana wa Charles Darwin, amene chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870 anati dziko linkazungulira mwaliwiro kwambiri mpaka chidutswa chinathothoka. Osmond Fisher anawonjeza kuti dzenje la nyanja ya Pacific ndilo chipsera chake. Vuto linali lakuti dziko likanafunika kuzungulira mofulumira kuposa mmene masamu ankalolera, ndiponso pansi pa nyanja ya Pacific padzadziwika kuti mpatsopano kwambiri, sipaposa zaka mamiliyoni 200. Gulu lachiwiri linkati mwezi unabadwira kwina, dziko n'kuugwira ukudutsa. Koma chinthu chachikulu chonchi chodutsa mwaliwiro chimafuna china choti chichepetse liwiro lake, ndipo chochepetsacho sichinkapezeka. Lachitatu linkati dziko ndi mwezi zinakulira limodzi kuchokera mu fumbi limodzi. Nanga bwanji china chili ndi chitsulo chambiri, chinzake ayi?

Reginald Daly wa ku Harvard anatchulapo za kugundana mu 1946, anthu osalabadira. Mu 1975, William Hartmann ndi Donald Davis analemba ganizoli momveka bwino, ndipo chaka chotsatira Alastair Cameron ndi William Ward anafika pomwepo podzera njira ina, powerengera mphamvu ya kuzungulira kwa dziko ndi mwezi. Komabe kwa zaka pafupifupi 10 linangokhala pakhonde. Akatswiri a miyala sankakonda kufotokoza zinthu ndi ngozi ya tsiku limodzi. Ankakhulupirira zinthu zochitika pang'onopang'ono.

Kenako kunabwera msonkhano wa ku Kona, pa chilumba cha Hawaii, mu Okutobala 1984. Akatswiri anasonkhana kuti akambirane za chiyambi cha mwezi, magulu atatu aja aliyense ndi mfundo zake. Atafotokoza onse, zinaoneka poyera kuti ganizo lililonse mwa atatuwo lili ndi bala losapola, pamene lachinayi, lonyozeka lija, linkayankha mafunso a chitsulo, a kutentha ndi a kuzungulira nthawi imodzi. Anthu analowa m'chipindamo ali magulu atatu, ambiri anatuluka ali gulu limodzi. Si kawirikawiri sayansi kutembenuka m'masiku ochepa chonchi.

Pamene nsapato ikuthina

Tisaname, ganizoli lili ndi pamene likuthina, ndipo pamenepo mpamene pali nkhani yokoma masiku ano. Okosijeni ali m'mitundu itatu yosiyana kulemera, yodziwika ndi manambala 16, 17 ndi 18. Malo ena ozungulira dzuwa ali ndi kasakanizidwe kakekake ka mitunduyi, moti katswiri akayeza mwala wogwa kuchokera kumwamba amatha kudziwa ngati wachokera ku Mars. Tsono makompyuta ankaonetsa kuti zoposa theka la zinthu zimene zinapanga mwezi zinachokera kwa Theia. Ngati zili choncho, okosijeni wa mwezi anayenera kukhala wosiyana ndi wa dziko. Koma atayeza mosamalitsa mu 2001, anapeza kuti miyala ya Apollo ndi ya padziko n'zofanana moti n'kovuta kuzisiyanitsa. Mlendo anagunda, koma chala chake sichikuoneka pa mwana.

Mayankho akubwera, ndipo ambiri akuwonjezera ukali wa ngoziyo m'malo mouchepetsa. Mu 2012, Matija Ćuk ndi Sarah Stewart anati mwina dziko linali likuzungulira kale mwaliwiro, tsiku la maola awiri kapena atatu, moti litagundidwa linataya miyala yakeyake yambiri. Chaka chomwecho Canup anayesa mapulaneti awiri ofanana kukula, amene akagundana amasakanikirana kotheratu. Mu 2017, Simon Lock ndi Stewart anafotokoza dziko limene linasanduka chimtambo chachikulu cha nthunzi ya miyala chozungulira, mwezi n'kuumbika mkati mwake. Ndipo mu 2022, Jacob Kegerreis ndi anzake, poyerekeza ndi tizidutswa tochuluka kwambiri kuposa kale, anaona mwezi ukutuluka wathunthu m'maola ochepa chabe.

Palinso amene akusaka mtembo wa Theia. Mafunde a zivomezi akamadutsa m'kati mwa dziko, amachedwa akafika m'zigawo ziwiri zikuluzikulu zokhala pamwamba pa chitsulo cha pakatikati, pa kuya kwa makilomita pafupifupi 2,900. Chimodzi chili pansi pa nyanja ya Pacific, china pansi pa Afrika. Mu 2023, Qian Yuan ndi anzake analemba kuti mwina zimenezi ndi miyala ya Theia, yolemerako pang'ono, imene inamira n'kukhazikika kumeneko. Ena akutsutsa, akuti ndi pansi pa nyanja zakale pamene panamira m'kupita kwa nthawi. Koma Yuan akakhala kuti walondola, ndiye kuti tonse okhala mu Afrika muno takhalira mtembo wa pulaneti osadziwa.

Pali yankho lina losavuta kuposa onsewa: mwina Theia inabadwira pafupi ndi dziko, kuchokera mu fumbi lomwelo, moti okosijeni wake anali wofanana kale ndi wathu. Njira yoyesera zimenezi ikudziwika. Pakufunika mwala wa ku Venus, pulaneti yoyandikana nafe. Okosijeni wake akapezeka wofanana ndi wa dziko, ndiye kuti chigawo chonse chino chinali cha mtundu umodzi, Mars ndiye wosiyana, ndipo nkhani ya Theia yogunda pa madigiri 45 ikhoza kuima mmene ilili. Akapezeka wosiyana, ndiye kuti ngozi ija inali yoopsa kuposa mmene a ku Kona ankaganizira. Chovuta n'chakuti pa nthaka ya Venus pamatentha madigiri oposa 460, ndipo makina amene anakhalitsapo kwambiri ali moyo kumeneko, Venera 13 ya dziko la Soviet Union mu 1982, anangotha maola awiri ndi mphindi zochepa. Amene adzapange makina okatola mwala kumeneko n'kubwera nawo, ameneyo ndiye adzagamule mlanduwu.